Mwamuuza kale koma akubwerezabe: kuwongolera wophunzira amene walowa m'wodi koyamba

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anamwino ndi madokotala amene apatsidwa wophunzira woti amuyang'anire ndi lakuti, "Ndinamuuza dzana, anavomera, lero wachitanso zomwezo." Ikafika pamenepa mlangizi amabwereza mawu omwewo mokweza pang'ono, wophunzira amavomeranso mwaulemu, ndipo sabata yotsatira cholakwika chija chimapezeka chili pomwepo. Kenako mlangizi amatopa n'kuyamba kugwira yekha ntchitoyo, wophunzira n'kumangoimirira pambali atapinda manja mpaka tsiku losainitsa buku lake la maluso.

Cholakwika chikabwereranso mutachidzudzula kale, musathamangire kubwereza chidzudzulocho. Yambani mwafufuza chimene chikuchibweza. Zifukwa zake zilipo zingapo, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi, cha kuwerenga kapumidwe ka wodwala, chifukwa ndi ntchito imene pafupifupi wophunzira aliyense amapatsidwa m'masiku oyambirira, imaoneka yophweka, ndipo ndi imene imalakwika mwakachetechete kuposa zina zonse.

Tinene kuti wophunzira wanu ali m'sabata yachiwiri mu wodi ya odwala amene achitidwa opaleshoni. Mwamupatsa odwala angapo kuti aziwayeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, bipi ndi kapumidwe. Lolemba mwayang'ana matchati ndipo mwaona kuti pamzere wa kapumidwe pakungobwera 20, 20, 18, 20. Mwamuuza kuti, "Muziwerenga bwino kapumidwe." Iye wati, "Chabwino sisitala." Lachitatu mukudutsa pa bedi lachinayi, la bambo amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba masiku awiri apitawo, ndipo mwaona chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika mofulumira. Mwawerenga nokha mphindi yathunthu, mwapeza 28. Pa tchati palembedwa 20, ndipo nthawi imene yalembedwa ikusonyeza kuti wophunzira wangochokapo kumene.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Nambala ya 28 pa wodwala wotere si yoinyalanyaza. Kungakhale kupweteka kwa bala, kungakhale chibayo chikuyamba, kungakhale kutaya magazi m'kati kapena matenda olowa m'magazi, ndipo kawirikawiri kapumidwe kamakwera bipi isanayambe kutsika. Choncho choyamba ndi wodwala. Yezani mpweya wa okosijeni m'magazi, kugunda kwa mtima, kutentha ndi bipi, lembani 28 yanuyo ndi nthawi yake popanda kufufuta zimene wophunzira analemba, ndipo dziwitsani dokotala monga mwa dongosolo la wodi yanu. Wophunzira muyime naye pomwepo aziona zonsezi. Nkhani ya iyeyo ibwera wodwala akathandizidwa.

Muoneni akuchita, inu muli chete

Alangizi ambiri amadziwa ntchito ya wophunzira poona zimene walemba, osati poona manja ake. Tchati chimakuuzani kuti nambala ndi yolakwika, koma sichikuuzani kuti yalakwika bwanji. Pitani naye kwa wodwala wina, muuzeni kuti mukufuna kuona mmene amayezera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo imani pamalo poti muziona nkhope yake, wotchi yake ndi chifuwa cha wodwala. Musalankhule, musamuthandize, pokhapokha wodwala atakhala pangozi. Mphindi zisanu zimakwana. Inu muziwerenganso chamumtima kuti mukhale ndi nambala yanu.

Zimene mungaone n'zosiyanasiyana. Wina amauza wodwala kuti, "Tsopano ndikuwerenga mmene mukupumira," ndipo wodwala nthawi yomweyo amayamba kupuma mwadala, pang'onopang'ono, ngati akufuna kukhoza mayeso. Wina amayang'ana chifuwa masekondi khumi n'kuyerekeza. Wina amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, moti akaphonya mpweya umodzi wokha nambala yonse yasokonekera ndi zinayi. Wina amawerenga kukoka mpweya payokha ndi kutulutsa payokha, amapeza nambala yoposa 40, amaona kuti sizingatheke, ndiye amalemba 20 imene anaphunzira m'kalasi kuti ndi yabwinobwino. Wina alibe wotchi yosonyeza masekondi ndipo akuchita manyazi kunena. Ndiye pali wina amene amawerenga molondola ndithu, amapeza 26, kenako amayang'ana pa tchati n'kuona kuti namwino wa usiku analemba 20, ndipo amaganiza kuti wolakwa ndi iyeyo, chifukwa wophunzira wa masiku khumi angatsutse bwanji munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri.

Onani kuti mawu aja akuti "muziwerenga bwino" sakanathandiza aliyense wa anthu amenewa. Wopanda wotchi akufunika wotchi. Wowerenga kawiri akufunika kuuzidwa kuti kukoka ndi kutulutsa ndi mpweya umodzi. Wouza wodwala akufunika kuonetsedwa kuti akamaliza kuwerenga kugunda kwa mtima asachotse zala pamkono, angosuntha maso kupita pachifuwa. Wokopera nambala ya mnzake uja luso ali nalo. Chimene alibe ndi chilolezo chokhulupirira maso ake, ndipo chilolezocho ndinu mungamupatse.

George Miller mu 1990 anafotokoza kuti luso la wogwira ntchito yachipatala lili ndi masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa mmene chimachitikira, kusonyeza kuti ungathe, ndi kuchichita pa ntchito yeniyeni. Koleji imatumiza wophunzira atadutsa masitepe awiri oyambawo, mwinanso lachitatu pa chidole cha m'chipinda choyeserera. Mukamufunsa kuti munthu wamkulu amapuma kangati pa mphindi n'kuyankha bwino, mwangoyesa sitepe yoyamba. Yachinayi siyesedwa ndi funso.

Mawu amene munagwiritsa ntchito

Ngati mwaona kuti vuto silili pa chida kapena pa kusadziwa, bwererani ku mawu anu. "Muzisamala," "muzikhala tcheru," "mukufunika kulimbikira," zonsezi wophunzira amazivomera ndi mtima wonse, koma mawa m'mawa sadziwa kuti dzanja lake lichite chiyani chosiyana ndi dzulo. Jack Ende, polemba za nkhaniyi mu 1983, anatsindika kuti ndemanga yothandiza imachokera pa zimene mlangizi waona yekha, imanena chochitika chenicheni, ndipo imakhudza zochita osati umunthu wa wophunzira. Mfundozi sizinakalambe.

Ndemanga yogwirika imakhala ndi zinthu zitatu: chimene munaona, chimene chikanachitikira wodwala, ndi chimene achite ulendo wotsatira. Pa nkhani yathu ingamveke chonchi: "Pa bedi lachinayi ndaona pa tchati kuti mwalemba 20. Ine ndawerenga mphindi yathunthu ndapeza 28. Nambala imeneyo ndi imene yachititsa kuti tiitane dokotala, ndipo ikanakhala 20 palibe akanabwera. Kuyambira masana ano muziwerenga masekondi 60 kwa wodwala aliyense, zala zili pamkono, ndipo muzilemba chimene mwapeza ngakhale chisiyane ndi cha wina aliyense." Mulibe mawu oti waulesi, wabodza kapena wosasamala. Simunawachotse chifukwa chomunyengerera ayi. Mwawachotsa chifukwa munthu akangomva kuti akuweruzidwa iye mwini, maganizo ake amachoka pa ntchito n'kupita pa kudziteteza. Kluger ndi DeNisi mu 1996 anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa ndemanga pa ntchito, ndipo anapeza kuti m'magawo oposa limodzi mwa magawo atatu, ndemanga inachititsa kuti munthu agwire ntchito moipirapo kuposa kale. Iwo anafotokoza kuti zimenezi zimachitika makamaka ndemanga ikakokera maganizo a munthu kwa iye mwini m'malo mwa ntchitoyo.

Palinso njira imene ambiri anaphunzitsidwa, yoyamba ndi kuyamikira, kuika chidzudzulo pakati, n'kumaliza ndi kuyamikiranso. Ine sindiikonda pa cholakwika chokhudza chitetezo cha wodwala. Wophunzira wamantha amamva zapakati zokhazokha ndipo amaona kuyamikira konseko ngati chiphamaso. Wophunzira wodzidalira amamva zoyamba ndi zomaliza, n'kupita kwawo akuganiza kuti tsiku layenda bwino. Ngati chachikulu lero ndi nambala yolakwika, nenani chimenecho poyera. Kuyamikira kuli ndi nthawi yake, ndipo nakonso kukhale kogwirika. "Mwachita bwino" sikuphunzitsa kanthu, koma "ndaona kuti musanagwire wodwala munafunsa dzina lake n'kuliyerekeza ndi la pa tchati, pitirizani zimenezo" kumakhazikitsa chizolowezi.

Yambani ndi funso, malizani ndi funso

Njira imene imandigwirira ntchito bwino kwa wophunzira watsopano ndi yofunsa, kuuza, kenako kufunsanso. Ikufanana ndi malamulo a David Pendleton a mu 1984, amene amati wophunzira ayambe ndiye kunena zimene zayenda bwino mlangizi asanawonjezere, kenako wophunzira anene zofunika kukonza mlangizi asananene zake. Njira ya Pendleton yathunthu imafuna nthawi yokhala pansi, ndipo ndi yabwino pa zokambirana za kumapeto kwa sabata. Pakati pa shifiti ingoifupikitsani.

Mutengereni pambali, pamalo pamene odwala ndi ophunzira anzake sakumva. "Tandiuzani mmene munapezera 20 pa bedi lachinayi." Musafunse kuti "zayenda bwanji," chifukwa yankho lake limakhala "bwino" nthawi zonse. Akayankha kuti, "Ndinawerenga pang'ono, kenako ndinaona kuti a usiku analemba 20, ndiye ndinaganiza kuti ine ndikuwerenga mothamanga," mwapeza muzu wa vuto m'chiganizo chimodzi. Tsopano muuzeni zinthu zitatu zija. Kenako funsaninso: "Ndiye masana ano mukafika pa bedi limenelija muchita chiyani, kuyambira poyamba?" Mulekeni afotokoze m'mawu ake. Funso loti "mwamva?" lili ndi yankho limodzi lokha kwa munthu amene akudziwa kuti inu ndi amene mudzasaine buku lake. Akafotokoza yekha, mumamva pomwepo ngati uthenga wafika wathunthu kapena wafika theka.

Ndipo masanawo mupite naye. Apa ndi pamene alangizi ambiri amasiyira panjira. Ndemanga sinathe mpaka mutaona wophunzira akuchitanso ntchitoyo n'kumuuza ngati tsopano yakhala bwino. Werengani nonse awiri mphindi imodzimodziyo, aliyense alembe nambala yake pa kapepala osaonetsana, kenako muyerekeze. Mukasiyana ndi mpweya umodzi kapena iwiri, palibe vuto. Mukasiyana kwambiri, bwerezani iye akuwerenga chapansipansi kuti mumve pamene akuphonya. Chitani zimenezi kwa odwala awiri kapena atatu, kuphatikizapo mmodzi wopuma mosazama amene chifuwa chake sichioneka bwino pansi pa chofunda, kenako muyang'anenso patapita masiku angapo iye asakuyembekezera.

Za kuchuluka kwake, chinthu chimodzi kapena ziwiri pa nthawi imodzi. Pomuonerera muona zolakwika zambiri: sanatseke katani, anaima mbali yovuta, analemba mosaoneka bwino. Sankhani chimene chingavulaze wodwala, zinazo zisungeni. Wophunzira wa sabata yachiwiri mutu wake wadzaza kale ndi mayina a anthu, malo osungira zinthu, fungo ndi kulira kwa odwala zimene sanazizolowere, ndipo mukamupatsa zinthu zisanu ndi ziwiri amakumbukira chomaliza chokha.

Pamaso pa wodwala

Funso limene limavuta ndi loti muchite chiyani cholakwika chikamachitika wodwala akuona. Kudikira kuli bwino ngati cholakwikacho sichivulaza munthu. Ngati wophunzira watsala pang'ono kugwira bala ndi magolovesi amene wakhudzira bedi, kapena akufuna kupereka mankhwala asanatsimikize dzina la wodwala, muimitseni nthawi yomweyo. Nkhani ili pa kaimitsidwe kake. Tsiku loyamba gwirizanani mawu amene muzigwiritsa ntchito, monga akuti "tiyeni tionere limodzi." Muuzeni kuti akangomva mawu amenewa aimitse manja pomwe ali, inu mulowererepo, ndipo chifukwa chake mukambirana mukatuluka. Wodwala amangoona anthu awiri akuthandizana. Mukamukalipira pamenepo, wodwalayo mawa akana kugwiridwa ndi wophunzira ameneyu, odwala a mabedi oyandikana nawonso akana, ndipo wophunzirayo aphunzira chinthu chimodzi chokha, kubisa zolakwa zake kwa inu. Wophunzira wobisa ndi woopsa kuposa wophunzira wolakwitsa.

Vuto likakhala la manja

Nthawi zina wophunzira wamva, akufuna kusintha, koma manja sakutsatira. Kuyeza bipi ndi makina opopa pamanja ndi chitsanzo chabwino. Mwamuuza kuti mpweya azitulutsa pang'onopang'ono, 2 mpaka 3 mmHg pa sekondi, koma akangotsegula kachitsekero muvi umagwa kuchoka pa 160 kufika pa 90 m'kuphethira kwa diso, ndipo iye amalemba 120/80 chifukwa sanamve pamene kugunda kunayambira. Apa kulankhula sikuthandiza. Zala zake sizinaphunzire kutsegula kachitsekero kaja pang'ono chabe uku dzanja lomwelo lagwira mpira wopopera.

Rodney Peyton mu 1998 anafotokoza masitepe anayi ophunzitsira luso la manja, ndipo amakwanira bwino pano. Choyamba chitani ntchitoyo pa liwiro lake lenileni, osalankhula, kuti aione yathunthu. Chachiwiri bwerezani pang'onopang'ono mukufotokoza: wodwala wakhala mopumula kwa mphindi zisanu, mkono wathandizidwa pa msinkhu wa mtima, lamba ndi wa saizi yoyenera chifukwa wochepa amakweza nambala, m'mphepete mwake muli masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa popindikira chigongono, mwapopa mukugwira kugunda kwa pamkono mpaka kwasowa, ndipo poyeza mwawonjezera 20 mpaka 30 mmHg pamwamba pa pamenepo. Chachitatu iye azikuuzani chochita, inu muzichita chokhacho chimene wanena. Chachinayi achite yekha akufotokoza. Sitepe yachitatu ndi imene ambiri amadumpha, chonsecho ndi imene imaulula zimene zikusowa m'mutu mwake wodwala asanakhudzidwe. Akaiwala kukuuzani kuti mufufuze mtsempha musanaike chomvetsera, inu ingoimani n'kumudikira.

Za kachitsekero kaja, mupatseni makinawo, amange lamba pa botolo kapena pa thaulo lopindidwa, ndipo ayeserere kupopa ndi kutsitsa muvi pang'onopang'ono mpaka zala zizolowere. Kenako ayeze anzake asanabwerere kwa odwala.

Wawerenga bwino, koma sanauze aliyense

Mukakonza cholakwika choyamba, yembekezerani chachiwiri chimene chinabisala kumbuyo kwake. Sabata yotsatira wophunzira wanu wawerenga mphindi yathunthu, wapeza 27, walemba 27 mooneka bwino, ndipo wapita pa bedi lotsatira. Inu mwaiona nambalayo patapita maola awiri. Musadabwe. Patricia Benner, pofotokoza mmene namwino amakulira kuchoka pa woyamba kumene kufika pa katswiri, anasonyeza kuti woyamba kumene amayendera malamulo amene wapatsidwa, chifukwa alibe zochitika zakale zoti ayerekezere nazo. Munamupatsa lamulo lowerenga ndi kulemba, ndipo walitsatira. Lamulo lonena kuti nambala iti imafuna kuti asiye zonse n'kukufunani simunamupatse. Mawu oti "mukaona zachilendo mundiuze" sathandiza munthu amene kwa iye chilichonse m'wodimo n'chachilendo. Mupatseni malire enieni, otengedwa pa tchati chochenjeza kapena pa malamulo a wodi yanu, awalembe pa kapepala ka m'thumba: kapumidwe kakapitirira apa kapena kutsika kufika apa, bipi ikatsika kufika apa, wodwala akayamba kusokonezeka maganizo, bwerani nthawi yomweyo ngakhale ndili pakati pa ntchito ina. Ndipo akabwera, ngakhale zitapezeka kuti si zoopsa, mulandireni bwino. Mukangomuyankha mokwiya kamodzi, ulendo wotsatira adzadikira.

Kuti ayambe kuganiza kupitirira kapepalako, pali njira yachidule imene Neher ndi anzake anafalitsa mu 1992, yopangidwira alangizi opanda nthawi. Imayamba ndi kumufunsa kuti anene maganizo ake: "Mukuganiza kuti chikuchitika n'chiyani kwa mayiwa?" Dikirani yankho ngakhale pakhale chete wautali. Akati, "Mwina akumva kupweteka," funsani umboni: "Mwaona chiyani chimene chikukupangitsani kuganiza choncho? China chingakhale chiyani?" Kenako mupatseni mfundo imodzi imene angaigwiritse ntchito kwa odwala ena, monga yakuti kapumidwe kakakwera aziyang'ana nthawi yomweyo kugunda kwa mtima, kutentha ndi okosijeni, n'kuyerekeza ndi manambala a maola apitawo, chifukwa kusintha kwa manambala kumanena zambiri kuposa nambala imodzi. Tchulani chimene wachita bwino, konzani chimene waphonya. Zonsezi zimatheka mutaimirira pakhomo la wodi. Chovuta chake n'chakuti inu yankho mukulidziwa kale ndipo limafuna kutuluka lokha. Mukalinena msanga, mwataya mwayi woona mmene iye amaganizira.

Pamene wodi ikuphunzitsa zosiyana ndi inu

Chifukwa china chimene alangizi sakonda kuchivomereza ndi ichi: wophunzira akuchita zimene akuona ena akuchita. Inu muli naye masiku atatu pa sabata, masiku enawo ali ndi anthu amene amalemba kapumidwe ataimirira kumapazi a bedi osayang'ana wotchi. Mwina wina wamuuzanso kuti, "Zimenezo n'za ku koleji, kuno tilibe nthawi." Mungadziwe kuti vuto ndi limeneli mukaona kuti amachita bwino masiku amene muli limodzi okha. Kumudzudzula iye pa zimenezi n'kumuika pakati pa akuluakulu awiri. Muuzeni mosabisa kuti adzaona njira zachidule, kuti inu mudzamuyesa pa njira yolembedwa m'malamulo a wodi, ndipo musanyoze mnzanu wa ntchito pamaso pake. Nkhani ya mnzanuyo mukambirane ndi mwini wake kapena ndi woyang'anira wodi. Thandizaninso polemba m'buku la wophunzira chinthu chimodzi chimene akugwirira ntchito sabata imeneyo, kuti aliyense amene ali naye pa shifiti ayang'ane chomwecho.

Za wophunzira wolira kapena wotsutsa ndinene mwachidule. Akalira, imani, mupatseni nthawi, koma musabweze mawu anu n'kunena kuti sichinali chachikulu. Bwererani ku nkhaniyo tsiku lomwelo akakhazikika. Akamatsutsa chilichonse, musalimbane naye pa zimene amafuna kuchita. Khalani pa zimene munaona ndi nambala zimene munapeza, ndipo mupempheni kuti muwerengere limodzi wodwala wotsatira. Ngati wophunzira amene ankachita bwino wayamba mwadzidzidzi kuiwala, kuchedwa ndi kusinza, mufunseni panokha ngati ali bwino musanakambe za luso. Kudwala, kusagona, mavuto a kunyumba, kapena imfa yoyamba imene waiona m'wodi, zonsezi zimaoneka ngati kusasamala.

Zikapitirirabe

Tinene kuti mwamuonerera, mwapeza chifukwa, mwanena momveka, mwamuonetsa, mwayang'ananso, ndipo patapita sabata ina manambala ongopeka abwerera. Tsopano nkhani yasintha. Munthu amene akudziwa kuwerenga, ali ndi wotchi, wauzidwa zotsatira zake, koma akulemba chimene sanayeze, vuto lake lafika pa kukhulupirika kwa zolemba zachipatala, ndipo liyenera kutchulidwa choncho.

Lembani. Tsiku, chimene munaona, chimene munanena, chimene anavomera kuchita, ndi chimene munapeza mutayang'ananso. Muonetseni zimene mwalemba ndipo nonse musaine. Dziwitsani mphunzitsi wa ku koleji pakati pa nthawi ya maphunziro a m'wodi, osati sabata yomaliza, kuti pakhale nthawi yokonza. Khalani pansi atatu ndi kugwirizana pa zinthu zochepa zoyezeka, mwachitsanzo kuti kwa masiku asanu otsatira aziyeza odwala mlangizi akuona kamodzi pa shifiti, ndipo manambala ake azigwirizana ndi a mlangizi. Ikani tsiku loonanso, ndipo muuzeni mosapita m'mbali chimene chidzachitike ngati sizisintha. Pa nthawi imeneyi asayeze yekha odwala amene ali pachiopsezo. Tsiku lomaliza wophunzira asamve chinthu chimene sanachimvepo kale kuchokera kwa inu.

Kathleen Duffy mu 2003 anafufuza chifukwa chake alangizi a anamwino amakhozetsa ophunzira amene iwo eni akuwakayikira. Zina mwa zimene anapeza n'zakuti alangizi amachedwa kutchula vuto mpaka nthawi itatha, ndipo amapatsa wophunzira mwayi poganiza kuti adzasintha kutsogolo. Pa ulendo woyamba wa m'wodi chiyeso chimenechi n'chachikulu, chifukwa mumadziuza kuti akadali woyamba, ena adzamukonza. Koma mlangizi wotsatira akatsegula buku n'kuona siginecha yanu pa luso loyeza kapumidwe, sadzamuonereranso. Adzamutuma yekha kwa odwala, mwina usiku. Ngati simunamuone akuchita molondola kangapo popanda kumukumbutsa, siyani mzerewo wosasaina, lembani chimene chatsala kuti achikwanitse, ndipo tumizani uthengawo kwa mphunzitsi wa ku koleji kuti ukafike kwa amene adzamulandire mu wodi yotsatira.